Bilu ya madzi ikakwera mwadzidzidzi: kawerengedwe ka mitengo ya magawo ndi kumene ndalama zimathawira

Anthu ambiri amene amabwera ndi bilu ya madzi yowadabwitsa amayamba ndi mawu akuti, "Madzi sitinagwiritse ntchito ochuluka chonchi." Nthawi zambiri amakhala akunena zoona. Madzi anawonjezekera pang'ono, koma ndalama zinawonjezekera kwambiri, ndipo chimene chimachititsa zimenezi ndi mtengo wa magawo. Pa mtengo umenewu, makiyubiki mita oyambirira a mwezi amakhala otsika mtengo, otsatira amakwererapo, ndipo opitirira malire ena amakwera kwambiri. Ndiye madzi alionse owonjezera, kaya atayika pa paipi yoboola, kaya alembedwa mochedwa, kaya agwiritsidwa ntchito ndi banja lina pa mita yomweyo, amakagwera pa gawo lodula. Ndikufuna kuti muthe kuiwerenga nokha bilu yotereyi ndi cholembera m'manja, kenako mudziwe chimene chaikweza.

Tiyambire pa mita. Kiyubiki mita imodzi, imene pa bilu imalembedwa m³, ndi malita 1,000. Amenewa ndi ndowa 50 za malita 20, kapena migolo 5 ya malita 200. Pa mita zambiri, manambala akuda ndiwo makiyubiki mita athunthu, ndipo ndi okhawo amene wowerenga mita amalemba. Manambala ofiira, kapena timivi tofiira tozungulira, amasonyeza malita osakwana kiyubiki mita. Mita sibwerera pa ziro mwezi ukatha, imangowonjezera. N'chifukwa chake bilu imakhala ndi manambala awiri, ya ulendo watha ndi ya ulendo uno. Ngati ya ulendo watha inali 412 ndipo ya ulendo uno ndi 430, mwagwiritsa ntchito makiyubiki mita 18.

Mitengo ndi malire a magawo zimasiyana kampani ndi kampani, choncho manambala amene ndigwiritse ntchito pano ndi ongoyerekezera, inu muikepo a pa bilu yanu. Tinene kuti makiyubiki mita 10 oyamba mtengo wake ndi 100 iliyonse, 10 otsatira ndi 160 iliyonse, ndipo onse opitirira 20 ndi 300 iliyonse. Tinenenso kuti pali ndalama yokhazikika ya 500 pamwezi, imene mumalipira ngakhale mutapanda kutsegula mpopi.

Banja la makiyubiki mita 18 lija limalipira motere. Oyamba 10 pa 100 akwana 1,000. Otsala 8 agwera m'gawo lachiwiri, pa 160, ndipo akwana 1,280. Madzi onse ndi 2,280, ndipo tikaphatikiza 500 ija bilu ndi 2,780. Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri n'chakuti munthu amaona kuti wafika gawo lachiwiri, n'kuchulukitsa 18 yonse ndi 160. Si choncho. Kufika gawo lodula sikusintha mtengo wa madzi amene analowa kale m'gawo lotsika, gawo lililonse limawerengedwa palokha.

Komabe yang'anani bwino pepala la mitengo, chifukwa alipo makampani ena amene amawerengadi mwa njira inayo: mukangodutsa malire, madzi onse a mwezi umenewo amatenga mtengo wa gawo limene mwafikalo. Kusiyana kwake n'kwakukulu. Pa njira yofala, makiyubiki mita 20 ndi 2,600 ndipo 21 ndi 2,900. Pa njira inayo, 20 ndi 3,200 koma 21 ndi 6,300, kutanthauza kuti kiyubiki mita imodzi yokha yakweza bilu ndi 3,100. Kuti mudziwe njira imene ikugwira ntchito kwa inu, onani mizere ya pa bilu. Ngati madzi agawidwa m'mizere ingapo, uliwonse ndi mtengo wake, ndi njira yofala ija. Ngati pali mzere umodzi wokha ndipo mtengo wa kiyubiki mita ukusintha mwezi ndi mwezi malinga ndi kuchuluka kwa madzi, muli pa njira yachiwiri, ndipo kwa inu malire aja ndi ofunika kuwayang'anira kwambiri chakumapeto kwa mwezi.

Tsopano tiyerekeze kuti banja lomwe lija lagwiritsa ntchito madzi owirikiza kawiri, makiyubiki mita 36. Gawo loyamba ndi 1,000, lachiwiri ladzaza ndipo ndi 1,600, ndiye 16 otsalawo pa 300 akwana 4,800. Zonse ndi 7,400. Madzi awirikiza kawiri, koma ndalama za madzi zachoka pa 2,280 kufika pa 7,400, kuposa katatu. Ngati bilu yanu ili ndi ndalama ya zonyansa za m'suweji imene imawerengedwa potengera madzi amene mwagwiritsa ntchito, komanso msonkho pamwamba pake, zonsezo zimakwera limodzi. Apa m'pamene anthu amaganiza kuti mita yawonongeka kapena kampani yawabera, pamene masamu ake ali bwinobwino. Chofunika kufufuza ndi kumene makiyubiki mita owonjezerawo achokera.

Musanafufuze, patulani kaye ngongole yakale. Nambala yaikulu ya pansi pa bilu kawirikawiri imaphatikiza ndalama zotsalira za miyezi yapita, ndipo ngati munalipira bilu itasindikizidwa kale, malipiro anu sanachotsedwe. Chimene mukuyerekezera ndi ndalama za mwezi uno zokha.

Choyamba kuchikayikira ndi kudontha, ndipo pa kudontha konse, kwa chimbudzi chamadzi ndiko kumapweteka kwambiri chifukwa sikuoneka. Mpopi ukamadontha mumauona ndiponso mumaumva. Mutha kuuyeza: ngati kapu ya mamililita 250 ikudzaza pa mphindi 10, ndiye kuti ukutaya malita 36 patsiku, kiyubiki mita imodzi ndi pang'ono pamwezi. Ukonzeni, koma si umene wakweza bilu katatu. Chimbudzi n'china. M'kathanki kake muli rabala yotseka pansi imene imauma kapena kugwira dothi, komanso valavu ya kampira koyandama imene imayenera kutseka madzi akafika mlingo wake. Chimodzi mwa ziwirizi chikalephera, madzi amatsetsereka mwakachetechete kulowa m'mbale ya chimbudzi usana ndi usiku, n'kupita ku suweji osanyowetsa pansi. Kudontha kwa kotala la lita pa mphindi, kumene diso silikuona msanga, ndi malita 360 patsiku, pafupifupi makiyubiki mita 11 pa masiku 30.

Taonani zimene 11 ameneyu achita pa banja la 18 lija. Awiri oyamba amaliza gawo lachiwiri, 320. Otsala 9 ali pa 300, ndiye 2,700. Kudonthako kwadya 3,020, pamene madzi onse ophikira, osamba ndi ochapira a banja lonse anali 2,280. Rabala imodzi yatha yawononga ndalama zoposa anthu onse a m'nyumbamo. Pa mtengo wofanana wa kiyubiki mita iliyonse zimenezi sizikanatheka.

Kuyeza ngati pali kudontha sikufuna pulambala. Tsekani mipopi yonse, muuze aliyense kuti asagwiritse ntchito madzi, ndipo dikirani kuti kathanki ka chimbudzi ndi thanki yosungira madzi, ngati ilipo, zimalize kudzaza. Kenako pitani pa mita. Mita zambiri zili ndi kagudumu kakang'ono kooneka ngati nyenyezi kapena ka ngodya zitatu, kamene kamazungulira ngakhale madzi akuyenda pang'ono kwambiri. Kakamazungulira, madzi akutuluka penapake. Kakaima, musakhutire msanga, popeza kudontha kwina kumabwera usiku wokha, pamene anthu ambiri agona ndipo mphamvu ya madzi m'mapaipi yakwera. Lembani manambala onse, akuda ndi ofiira omwe, pogona, ndipo muwerengenso m'mawa munthu asanatsegule mpopi kapena kugejemula chimbudzi. Ngati pa maola 8 mita yayenda malita 120, ndiye malita 15 pa ola, 360 patsiku, ndipo mwapeza 11 uja.

Kupeza malo ake kumatheka potseka mbali imodzi imodzi. Tsekani valavu yolowetsa madzi m'nyumba. Mita ikapitiriza kuyenda, vuto lili pa paipi ya pansi pa nthaka pakati pa mita ndi nyumba, ndipo muyang'ane malo onyowa nthawi zonse kapena pamene udzu wabiriwira kuposa pena. Ikaima, vuto lili mkati. Tsegulaninso, kenako tsekani kavalavu ka chimbudzi chilichonse pachokha mukuyang'ana kagudumu kaja. Njira ina ya chimbudzi ndi kuthira madontho a utoto wa zakudya m'kathanki, n'kudikira mphindi 20 osagejemula. Utoto ukaonekera m'mbale, rabala yapansi yatha. Mukatsegula chivundikiro n'kupeza madzi afika pakamwa pa kapaipi kosefukirira, vuto ndi valavu ya kampira, ndipo nthawi zina kungoitsitsa kuti izitseka msanga kumakwanira. Thanki yosungira madzi ya pamwamba ili ndi valavu yofanana, ndipo ikalephera madzi amasefukira usiku pa nthawi imene palibe akuona. Giza nayo ili ndi kapaipi kotulutsira madzi kunja. Kudontha pang'ono pamene madzi akutenthedwa n'kwachibadwa, koma kutuluka kosalekeza kukusonyeza kuti valavu yake yatopa.

Mwachizolowezi, paipi yochokera ku msewu kufika pa mita ndi ya kampani, ndipo kuchokera pa mita kulowa kwanu ndi yanu, choncho madzi otayika pambuyo pa mita amalembedwa kwa inu. Makampani ena amachepetsako bilu ngati kudonthako kunali kobisika ndipo mwakukonza msanga. Funsani, ndipo sungani risiti ya pulambala ndi ya zipangizo, pamodzi ndi zithunzi za mita za tsiku lokonza ndi za sabata yotsatira.

Chachiwiri n'chimene anthu ambiri sachidziwa, ndipo ndi chimene chimandipweteka kwambiri chifukwa banja limalipira ndalama zowonjezera popanda dontho limodzi lotayika. Wowerenga mita akalephera kufika, mwina geti linali lokhoma, galu anali womasula, kapena mita yakwiririka ndi dothi, kampani imangoyerekezera madzi a mwezi umenewo. Bilu yotere imakhala ndi chizindikiro, pa mabilu ena ndi chilembo E pafupi ndi nambala ya mita. Kuyerekezerako kukakhala kotsika, bilu imasangalatsa ndipo palibe amadandaula. Vuto limabwera tsiku limene mita yawerengedwadi.

Tibwerere ku banja lathu la 18 pamwezi. Pa miyezi itatu lagwiritsa ntchito 54, ndipo likanalipira 2,280 katatu, kukwana 6,840. Koma miyezi iwiri yoyamba kampani inayerekezera 10 mwezi uliwonse, ndipo banja linalipira 1,000 kawiri. Mwezi wachitatu mita yawerengedwa, ndipo 34 otsalawo aikidwa onse pa mwezi umodzi: 1,000, kuphatikiza 1,600, kuphatikiza 14 pa 300 amene ndi 4,200, zonse 6,800. Pa miyezi itatuyo banja lalipira 8,800 m'malo mwa 6,840. Kusiyana kwa 1,960 kwabwera chifukwa gawo lachiwiri la miyezi iwiri ija linangokhala osagwiritsidwa ntchito, ndipo ambiri mwa madzi ake anakankhidwira ku gawo lachitatu, kumene banjali silinafikeko ngakhale mwezi umodzi.

Makampani ena makina awo amakonza okha zimenezi, ena sakonza mpaka mwini bilu atapempha. Mukapita ku ofesi, musangonena kuti bilu yakwera, chifukwa adzayang'ana nambala ya pa mita, n'kupeza kuti ndi yolondola, n'kukuuzani kuti mulipire. Nambalayo ndi yolondoladi. Chimene mukupempha n'chakuti madzi onse, kuchokera pa kuwerenga kwenikweni komaliza kufika pa kwa tsopano, agawidwe mofanana pa miyezi yonse ya pakatipo, ndipo mwezi uliwonse uwerengedwe ndi magawo ake. Tengani mabilu onse atatu ndi masamu anu olembedwa papepala. Pempho lanu lilembedwe, mutenge nambala yake, ndipo mulipire ndalama imene simukuitsutsa kuti madzi asadulidwe nkhani ili mkati.

Masiku a pa bilu amachitanso zofanana. Magawo amakonzedwa poganizira mwezi wa masiku pafupifupi 30, koma wowerenga mita akhoza kubwera patatha masiku 45. Banja lathu limagwiritsa ntchito malita 600 patsiku, ndiye pa masiku 45 ndi makiyubiki mita 27. Akawerengedwa ngati a mwezi umodzi, ndi 1,000, kuphatikiza 1,600, kuphatikiza 7 pa 300, zonse 4,700. Koma malire akatambasulidwa molingana ndi masiku, gawo loyamba likhala 15 m'malo mwa 10 ndipo lachiwiri lithera pa 30, choncho ndalama ndi 1,500 kuphatikiza 12 pa 160, zonse 3,420. Nthawi zonse werengani masiku a pakati pa madeti awiri a pa bilu, ndipo mugawe makiyubiki mita ndi masikuwo. Nambala ya patsiku ndi imene imanena zoona. Ngati sinasinthe poyerekeza ndi miyezi ina, m'nyumba mulibe vuto, vuto lili pa kawerengedwe.

Kupewa zonsezi n'kosavuta. Mita ikhale poonekera ndiponso pofikika, galasi lake likhale lopukuta, ndipo muziijambula pa foni tsiku lofanana mwezi uliwonse. Kumene kampani imalola kasitomala kutumiza yekha nambala ya mita, tumizani. Bilu ikafika, yerekezerani nambala yake ndi ya pa mita tsiku lomwelo. Ngati bilu ikuti 480 pamene mita ikuonetsa 432, wina analemba molakwika, kapena anaphatikiza nambala yofiira, kapena anawerenga mita ya nyumba ina. Nambala yozindikirira mitayo, yosindikizidwa pa thupi lake, iyenera kufanana ndi yolembedwa pa bilu, ndipo pamalo pamene mita zingapo zaikidwa moyandikana ndi bwino kutsimikiza zimenezi kamodzi.

Chachitatu ndi mita imodzi ya mabanja angapo. Magawo amawerengedwa pa mita, osati pa anthu, choncho gawo lotsika mtengo limene linakonzedwera banja limodzi limagawanidwa ndi onse. Mabanja atatu ogwiritsa ntchito 12 lililonse akwana 36, ndipo taona kale kuti ndi 7,400, kapena 7,900 ndi ndalama yokhazikika. Banja lililonse likanakhala ndi mita yake, likanalipira 1,000 ndi 320 ndi 500, kukwana 1,820, ndipo onse atatu 5,460. Mwezi uliwonse akutaya 2,440, ndipo ndalama imeneyi ndi imene muyenera kuiyerekeza ndi mtengo wolumikizitsa mita zatsopano kuti muone kuti zidzabweza pa miyezi ingati. Makampani ena amakulitsa malire a magawo ngati mwalembetsa kuti pa mita imodzi pali nyumba zingapo kapena anthu ambiri, ndipo ndi chinthu choyenera kufunsa musanawononge ndalama. Muonetsetsenso kuti akaunti yanu inalembedwa ngati ya pakhomo, chifukwa ya bizinesi imakhala ndi mitengo ina.

Ngati mita ikhalabe imodzi, mkangano umabuka pogawana bilu. Ena amaika timita tawo pa nthambi ya nyumba iliyonse, n'kumawerenga banja lililonse ndi magawo a kampani ngati kuti lili lokha. Ndalama zake sizikwana, chifukwa aliyense wadzitengera gawo lotsika lathunthu pamene kampani inapereka limodzi lokha. Njira imene ine ndimaiona yachilungamo ndi kugawa bilu yonse ndi makiyubiki mita onse kuti mupeze mtengo wapakati, kenako aliyense alipire molingana ndi madzi ake. Pa bilu ya 7,900 ya makiyubiki mita 36, iliyonse ndi pafupifupi 219. Banja la 6 lilipira cha m'ma 1,317, la 12 lilipira 2,633, ndipo la 18 lilipira 3,950. Timita ting'onoting'ono tikaphatikizidwa sitifanana ndendende ndi mita yaikulu, koma kusiyana kukakula mwezi ndi mwezi, paipi ya pakati ikudontha.

Nanga mita yeniyeniyo ikhoza kunama? Ikhoza, koma si kawirikawiri monga anthu amaganizira, ndipo mita zamakina zikakalamba nthawi zambiri zimawerenga mochepa, osati mochuluka. Iyeseni nokha musanalipire ndalama yoti kampani ikaiyeze. Zonse zili zotseka, lembani manambala ofiira, tungani ndowa 5 za malita 20 zoyezedwa bwino pa mpopi wolunjika ku mita osadzera m'thanki, n'kuwerenganso. Iyenera kuyenda malita 100, kapena kusiyana ndi malita ochepa chabe. Ikayenda 130, muli ndi chifukwa chopemphera kuti iyezedwe. Kumene madzi amabwera modukizaduka kulinso nkhani ya mpweya: madzi akamabwerera, amakankha mpweya wa m'mapaipi, ndipo mpweyawo umazunguza mita mothamanga ngati mpopi unasiyidwa wotsegula. Madzi akapita, tsekani mipopi ndi valavu ya pa mita, ndipo akabwera mutsegule pang'onopang'ono. Mpopi woiwalika wotsegula ndi woopsa koposa mpweyawo, chifukwa madzi akabwera pakati pa usiku, wotulutsa malita 10 pa mphindi umataya makiyubiki mita 3 pa maola 5.

Ngati mwafufuza zonsezi ndipo madzi ndi anu ndithu, kumbukirani kuti kiyubiki mita iliyonse imene mwachepetsa imachoka pa gawo lodula poyamba. Banja la 24 likatsika kufika pa 20 lapulumutsa 1,200, pamene banja la 14 likatsika kufika pa 10 lapulumutsa 640 yokha. Kuti mukhale pansi pa malire a 20 pa masiku 30, tsiku lililonse lisapitirire malita pafupifupi 660, ndipo pofika pa tsiku la 15 kuchokera pamene mita inawerengedwa, isakhale itayenda kuposa 10. Ikapitirira, yang'anani kaye ntchito zazikulu: paipi yothirira maluwa kapena yotsukira galimoto yotulutsa malita 15 pa mphindi imadya pafupifupi kiyubiki mita imodzi pa ola. Ntchito yaikulu yoti ingadikire, monga kudzaza thanki yopanda kanthu ya malita 5,000, ndi bwino kuigawa pawiri, theka mita isanawerengedwe ndipo theka itawerengedwa, kuti makiyubiki mita 5 amenewo asagwere onse pa mwezi umodzi.